Mafunso ndi mayankho: kumasulira chidziwitso cha ntchito chimene chajambulidwa pa bolodi ku Mzuzu

Zidziwitso zambiri za ntchito mu Mzuzu zimamatidwa pa bolodi: pa geti la kampani ku Luwinga, pa khoma la ofesi ya boma, pa chipatala, pa tchalitchi. Wodutsa amachijambula ndi foni n'kutumizira m'bale wake ku Chibavi kapena ku Mchengautuwa pa WhatsApp, ndipo m'baleyo amafuna womuuza m'Chichewa zimene pepalalo likunena, poti pafupifupi zonse zimalembedwa m'Chingerezi. Mayankho ali m'munsimu ndi a inu amene mwapemphedwa kumasulira. Tizitsatira chitsanzo chimodzi chongopeka: kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ikufuna kalaliki woyang'anira katundu m'nyumba yosungiramo zinthu.

Chithunzi chafika. Ndiyambe kumasulira pomwepo?

Ayi, yambani mwaona ngati pepala lonse lalowa m'chithunzi. Chidziwitso cha ntchito chimakhala ndi dzina la olemba ntchito pamwamba, ndipo tsiku lotsekera ndi keyala zimakhala pansi penipeni. Wojambula ali pa changu, mwina akuthamangira minibasi, amalunjika pakati pomwe pali udindo ndi malipiro, pansipo n'kudukapo. Mukaona kuti chiganizo chomaliza chathera panjira, kapena palibe pomwe akunena kotumiza kalata, dziwani kuti chithunzicho n'choperewera kapena pali tsamba lachiwiri lomwe linamatidwa pambali.

Mabolodi ena ali ndi galasi, ndipo kuwala kwa dzuwa kumasiya chigamba choyera pamwamba pa mawu. Ena ali pabwalo, ndipo ndi mvula ya ku Mzuzu inki imayenderera, pepala n'kupindika m'makona. Pini kapena selotepi imabisa nambala. M'malo oterewa 3 amaoneka ngati 8, 1 ngati 7. Apempheni ajambulenso: chithunzi chimodzi cha pepala lonse, kenaka zitatu zapafupi, pamwamba, pakati ndi pansi, ataima chapambali pang'ono kuti galasi lisawale. Potumiza pa WhatsApp asankhe Document m'malo mwa Gallery, chifukwa njira yachizolowezi imachepetsa chithunzi ndipo timalemba ting'onoting'ono timafufutika mukachikulitsa.

Nanga ngati sangabwerere kukajambulanso?

Masulirani zomwe zikuoneka, ndipo pomwe sipakuwerengeka lembani mosabisa kuti «apa nambala siyikuoneka bwino, mwina ndi 13 kapena 18». Musasankhe imodzi mwa ziwirizo chifukwa choti ikuoneka yoyenera. Munthu amene wauzidwa kuti tsiku silikuoneka amafulumira kukapereka kalata. Amene wauzidwa molimba mtima kuti ndi pa 18 amadekha, n'kukapeza atatseka pa 13.

Ndi mawu ati omwe sindiyenera kuwamasulira?

Chilichonse chimene wofunsira ntchito adzachikopere pa envulopu, pa kalata kapena pa imelo chisiyeni momwe chiliri: dzina la udindo, nambala ya chidziwitso ngati ilipo, dzina la kampani, udindo wa wolandira makalata, keyala ndi imelo. M'chitsanzo chathu pepala likuti Stores Clerk. Mufotokozereni kuti ndi kalaliki wolemba katundu wolowa ndi wotuluka, wowerenga zotsala pa mashelefu ndi kusunga mabuku ake, koma mawu awiri a Chingereziwo muwalembe pamzere wawokha ndi kumuuza kuti awakopere osasintha chilembo. Wosankha makalata amaunjika maenvulopu potengera mawu amenewo, makamaka ngati kampani yalengeza maudindo atatu kapena anayi nthawi imodzi. Envulopu yomwe sinalembedwe bwino imatha kugwera pa mulu wa alonda kapena wa madalaivala.

Mayina a masatifiketi nawonso musawasinthe. MSCE ikhale MSCE, ndipo ngati atchula satifiketi ya TEVETA kapena ya ICAM ndi gawo lake, lembani chimodzimodzi.

Pa zoyenereza, ndingasiyanitse bwanji zofunika kwenikweni ndi zongowonjezera mwayi?

Apa ndi pomwe omasulira ambiri amalakwira anthu, ndipo zimandiwawa chifukwa mnyamata kapena mtsikana woyenera amasiya kufunsira ntchito imene akanaipeza. Pa pepala zoyenereza zimandandalikidwa pamodzi ngati zonse n'zolemera mofanana, koma sizili choncho. Womasulira akangoti «akufuna MSCE, satifiketi, zaka ziwiri, kompyuta ndi laisensi», wamvayo amawerenga zala n'kuona kuti laisensi alibe, basi watayiratu mtima.

Yang'anani mawu ang'onoang'ono omwe ali pambali pa choyenereza chilichonse. Pomwe alemba must kapena minimum, chinthucho n'chosakambirana: masulirani kuti «ayenera kukhala ndi» kapena «osachepera». Pomwe alemba added advantage kapena preferably, masulirani kuti «amene ali nacho ali ndi mwayi woposa, koma wopanda angathe kufunsira». Chiganizo chachiwiricho chinenereni ndithu, musamusiye munthu kuti adziganizire yekha.

M'chitsanzo chathu tinene kuti mndandanda uli ndi zinthu zinayi. Kumasulira kwabwino kungamveke chonchi: «Zofunika ndithu ndi ziwiri. Choyamba, MSCE yokhala ndi kirediti m'Chingerezi ndi m'masamu. Chachiwiri, kukhala mutagwirapo ntchito yonga imeneyi kwa zaka zosachepera ziwiri. Zowonjezera mwayi ndi satifiketi ya zogula ndi kusunga katundu, komanso laisensi yoyendetsera galimoto. Ngati mulibe ziwiri zomalizazi, funsirani basi.» Mwaona kuti sitinatsatire ndondomeko ya pepala mzere ndi mzere. Tagawa m'magulu awiri kuti munthu adziyese msanga, koma sitinachotse kapena kuwonjeza kanthu.

Samalaninso ndi timawu tiwiri, and ndi or. Dipuloma «kapena» satifiketi yokhala ndi zaka zisanu za ntchito ndi zitseko ziwiri zosiyana. Dipuloma «ndi» zaka zisanu ndi chitseko chimodzi chopapatiza. Pa chithunzi chosaoneka bwino kamawu kameneka ndi koyamba kusowa, ndiye kulitsani chithunzicho mukaone.

Akalemba kuti akufuna kirediti, ndiye kuti kungokhoza MSCE sikukwanira?

Sikukwanira pa phunziro limene alitchulalo. Pa mayeso a MSCE a bungwe la MANEB, 1 ndi 2 ndi kukhoza mwapamwamba, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi kukhoza wamba, ndipo 9 ndi kulephera. Munthu akhoza kukhala ndi satifiketi yonse ya MSCE koma masamu anapeza 7. Ngati pepala likufuna kirediti ya masamu, iyeyo sanafike. Choncho musamasulire kuti «wokhoza bwino masamu», chifukwa aliyense amadziona kuti anakhoza bwino. Lembani kuti «masamu akhale pakati pa 1 ndi 6», ndipo munthuyo atenge satifiketi yake ayang'ane.

Zaka za ntchito zomwe amafuna, kodi ganyu kapena kuthandiza mu shopu ya amalume kumawerengedwa?

Pepala limanena lokha ngati muliwerenga mosamala. Likati in a similar position, likufuna ntchito yofanana ndi imeneyi, osati ntchito ina iliyonse. Amene wakhala zaka zitatu akulemba matumba a simenti olowa ndi otuluka mu shopu ya mumsika wa Mzuzu wagwira ntchito yofanana, ngakhale panalibe yunifomu, bola mwini shopuyo angathe kumulembera kalata yomuchitira umboni. Amene wakhala zaka zitatu akupalasa kabaza wagwira ntchito yolemetsa, koma siyofanana. Inu ngati womasulira nenani zimene mawuwo akutanthauza, chisankho chofunsira kapena ayi chikhale cha mwini wake.

Malipiro alembedwa K3,600,000. Ndimuuze kuti ndi ndalama zimene azilandira?

Musanatchule nambala iliyonse, pezani mayankho a mafunso awiri: ndalamazi ndi za nthawi yaitali bwanji, ndipo ndi zisanadulidwe kapena zitadulidwa?

Funso loyamba limayankhidwa ndi timawu totsatira nambala. Per annum, kapena mwachidule p.a., ndi pa chaka. M'chitsanzo chathu K3,600,000 pa chaka mukagawa ndi miyezi 12 ndi K300,000 pa mwezi. Womasulira amene wadumpha tizilembo tiwiri timeneti amapangitsa banja lonse kuyamba kuwerengera malata a nyumba. Lembani zonse ziwiri, ya pa chaka monga iliri pa pepala ndi ya pa mwezi imene mwawerengera inuyo, ndipo nenani kuti yachiwiriyo mwawerengera nokha.

Funso lachiwiri ndi la mawu akuti gross ndi net. Oyambawo ndi malipiro asanachotsepo msonkho ndi penshoni, achiwiriwo ndi zimene zimafika m'manja. Zidziwitso zambiri zimatchula oyambawo, ndipo ngati sananene kalikonse ndi bwino kuganiza kuti ndi asanadule. Tiwerengere limodzi pa K300,000 ija. Lamulo la penshoni m'Malawi limati wantchito azipereka 5 pa 100 iliyonse ya malipiro ake, olemba ntchito n'kuwonjezapo 10 pa 100 kuchokera m'thumba lawo. Gawo la wantchito apa ndi K15,000. Msonkho wa PAYE umene umapita ku MRA umadulidwa m'magawo. Potengera magawo amene anayamba mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba sinkadulidwa msonkho, ndipo yotsatira mpaka K500,000 inkadulidwa 25 pa 100. Ndiye pa K300,000 msonkho unkagwera pa K150,000 yapamwambayo, womwe ndi K37,500. Zotsala m'manja ndi pafupifupi K247,500. Magawo a msonkhowa amasintha ndi bajeti ya boma, choncho powerengera gwiritsani ntchito a chaka chimene muli, koma njira yake ndi yomweyi.

Kusiyana kwa K300,000 ndi K247,500 ndi lendi ya nyumba kwa munthu amene akuchoka ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay kudzakhala m'tauni. Ayenera kukudziwa asanavomere ntchito, osati pa tsiku lolandira malipiro oyamba.

Nanga ngati sanalembe nambala, angoti malipiro ndi abwino?

Mawu monga attractive package kapena commensurate with experience sakulonjeza ndalama iliyonse. Oyambawo ndi kudzitamanda chabe kwa olemba ntchito, achiwiriwo akuti malipiro adzatengera maphunziro ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito. Masulirani tanthauzolo kenaka muwonjeze kuti «sanatchule ndalama». Musalembe kuti «malipiro ndi ochuluka», chifukwa pamenepo mwasandutsa mawu otsatsira malonda kukhala lonjezo. Akalemba negotiable, ndiye kuti pali mpata wokambirana, ndipo munthuyo apite ku intavyu ali ndi nambala yake m'mutu.

M'zidziwitso za boma mumapeza giredi yokhala ndi chilembo, monga Grade K kapena Grade M. Chilembocho chisiyeni momwemo, ndipo nenani kuti malipiro ake ali pa ndondomeko ya boma ya giredi imeneyo.

Pali mawu amodzi omwe ndimafuna womasulira aliyense awalembe mokweza: commission, ndiko kuti ndalama zimene munthu amalandira potengera zimene wagulitsa. Ntchito zambiri zotsatsa malonda zimalemba nambala yaikulu yotsogozedwa ndi up to, kutanthauza «mpaka kufika». Imeneyo ndi denga, si malipiro. Ngati palibe malipiro okhazikika a pa mwezi, munthu akhoza kuyenda mwezi wathunthu kuchokera ku Katoto mpaka ku Zolozolo osagulitsa kanthu, n'kubwerera chimanjamanja.

Maalawansi ndi zina zowonjezera ndizimasulire bwanji?

Onani ngati akuti zili mkati mwa nambala ija kapena pamwamba pake. Inclusive ndiye kuti alawansi ya nyumba ndi ya mayendedwe zaphatikizidwa kale, palibenso china chobwera. Plus ndiye kuti zikubwera padera. M'Chichewa nenani momveka: «K300,000 imeneyi ndi zonse pamodzi» kapena «pamwamba pa K300,000 pali alawansi ya nyumba, koma sanatchule kuti ndi zingati».

Kontirakiti ya chaka chimodzi yomwe akuti renewable, ndi ntchito yokhazikika?

Ayi. Kontirakiti ya nthawi yoikika imatha yokha tsiku lake likakwana. Mawu amenewa akungonena kuti akhoza kuiwonjezera, ndipo kawirikawiri amatsatiridwa ndi zifukwa: ngati munthu wagwira bwino ntchito, kapena ngati ndalama za pulojekiti zilipo. Mabungwe omwe si a boma amakonda kulemba chifukwa chachiwirichi. Masulirani kuti «angathe kuiwonjezera», osati «adzaiwonjezera». Kusiyana kwake ndi kwakukulu kwa munthu amene akuganiza zosiya ntchito yaing'ono koma yokhazikika.

Akatchula probation, imeneyo ndi nthawi yoyesedwa. Lamulo la ntchito la chaka cha 2000 limalola nthawi imeneyi kwa antchito aluso, koma isapitirire miyezi 12, ndipo m'kati mwake mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda kupereka notisi. Ngati pepala latchula miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi, musaidumphe poganiza kuti ndi nkhani yaing'ono.

Pa kafunsidwe ka ntchito, ndi ziti zomwe ndisaphonye?

Gawo limeneli limasulireni pang'onopang'ono kuposa ena onse, chifukwa makalata ambiri amatayidwa asanawerengedwe n'komwe chifukwa cha zinthu za pano. Lembani zofunika kutumiza chimodzichimodzi: kalata yofunsira ntchito, CV, makope a masatifiketi, kope ya chiphaso cha unzika cha NRB ngati achitchula, ndi mayina a anthu ochitira umboni.

Akati kalatayo ikhale handwritten, akufuna yolemba pamanja ndi dzanja la mwini wake. Pa ntchito ya kalaliki amafuna aone ngati zolemba zake zikuwerengeka, ndiye musamulembere inuyo, komanso asapite kukaitaipitsa poganiza kuti ioneka bwino. Akati certified copies, fotokope wamba siyokwanira: atenge satifiketi yeniyeni ndi kope yake kwa munthu wololedwa kutsimikiza zikalata, monga majisitireti kapena loya, adinde chidindo ndi kusainira. Satifiketi yeniyeniyo isalowe mu envulopu. Imapita nawo pa tsiku la intavyu basi, ndipo imabwerera nawo.

Traceable referees ndi anthu ochitira umboni amene akhoza kupezeka akawaimbira. Mufotokozereni kuti akufunika dzina, udindo ndi nambala ya foni yogwira, kuti akhale anthu monga bwana wakale kapena mphunzitsi wamkulu osati amalume, ndiponso kuti awadziwitse kaye. Ngati pepala lati atatu, awiri sakwana.

Tsiku lotsekera lalembedwa 05/06. Ndi Meyi kapena Juni?

Kuno timayamba ndi tsiku, mwezi pambuyo, ndiye ndi pa 5 Juni. Pomasulira lembani dzina la mwezi m'mawu kuti pasakhale chikayiko. Ngati atchulanso tsiku la sabata, monga Lachisanu, tsegulani kalendala muone ngati zikugwirizana m'chaka chino. Zikasemphana, n'kutheka kuti pepalalo ndi la chaka chatha lomwe palibe analichotsa pa bolodi, kapena chithunzicho chakhala chikuzungulira m'magulu a WhatsApp kwa miyezi.

Onaninso mneni amene ali pafupi ndi tsikulo. Akati kalata should reach ofesi yawo pofika tsiku limenelo, ndiye kuti ikhale itafika, osati itaponyedwa ku positi ofesi. Ngati kwatsala masiku awiri ndipo alola kukapereka pamanja, kuli bwino kukwera njinga kukaisiya pa geti. Close of business ndi nthawi yowerukira, ndipo pofuna kupewa kupeza atatseka, makamaka Lachisanu, muuzeni akapereke m'mawa.

Akufuna kuti atumize pa imelo. Pali chosiyana?

Keyala ya imelo ikopereni chilembo ndi chilembo kuchokera pa chithunzi chokulitsidwa, poyang'anitsitsa kadontho, kamzere kapakati ndi kamzere kapansi, komanso l ndi 1, O ndi 0. Ngati anena zoti mulembe pa Subject, zimenezo zipite momwe ziliri. Akati zonse zikhale mu PDF imodzi, asatumize zithunzi khumi zobalalika za masatifiketi. Malo otaipira ndi kupanga fotokope m'tauni amatha kumuphatikizira.

Pansi alemba kuti only shortlisted candidates will be contacted. Zikutanthauza chiyani kwa iye?

Kuti adzayankha okhawo amene asankhidwa kukachita intavyu. Akapanda kumva kanthu pakatha milungu ingapo, asamayembekezere kalata yomukana. Foni yake ikhale yoyaka ndipo nambala yomwe ili pa CV ikhale yake, osati ya mnansi. Mzere wina wofala umachenjeza za canvassing, ndiko kuyenda mseri kukapempha akuluakulu a pa kampanipo kuti akuthandizeni. Umenewu umasulireni mosapsatira: akapezeka akuchita zimenezo amuchotsa pa mndandanda. Pomwe alemba kuti amayi akulimbikitsidwa kufunsira, sizikutanthauza kuti abambo aletsedwa.

Ndikamamasulira, ndingadziwe bwanji kuti chidziwitsocho n'chabodza?

Womasulira amawerenga mzere uliwonse, ndiye ndi amene amayamba kuona zokayikitsa. Chizindikiro chachikulu ndi ndalama: pepala likamati tumizani kaye za fomu, za intavyu, za yunifomu kapena za kuyezetsa kuchipatala pa Airtel Money kapena TNM Mpamba ku nambala ya munthu, imani pomwepo. Zina ndi izi: palibe keyala ya ofesi koma nambala ya foni yokha, dzina la bungwe lalikulu koma imelo yake ndi ya Gmail, malipiro aakulu kwambiri pa ntchito yosafuna maphunziro, akufuna anthu mazana nthawi imodzi, ndipo palibe chidindo kapena siginecha. Chimodzi chokha sichitsimikiza chinyengo, pakuti mashopu ang'onoang'ono ambiri amagwiritsadi ntchito Gmail, koma zikakumana ziwiri kapena zitatu chenjezani.

Chenjezo lanulo mulilekanitse ndi kumasulira. Malizani kaye zimene pepala likunena, kenaka pansi lembani kuti «awa ndi maganizo anga». Ngati dzina la kampani ndi lodziwika, munthuyo apite pa ofesi yawo akafunse ngati alengezadi ntchitoyo, kapena akafunse ku ofesi ya zantchito ya boma asanatumize tambala iliyonse kapena kope ya chiphaso chake.

Amene ndikumumasulira amamva bwino Chitumbuka kuposa Chichewa, kapena savutika kumva koma amavutika kuwerenga. Nditani?

Mutumizireni zonse ziwiri: mawu ojambula ofotokoza m'chiyankhulo chimene amamasuka nacho, ndi uthenga wolemba waufupi wokhala ndi zokopera zokhazokha, ndiko kuti dzina la udindo, keyala, tsiku lotsekera ndi mndandanda wa zolowa mu envulopu. Manambala a ndalama ndi masiku akhale m'zolemba nthawi zonse, chifukwa m'mawu ojambula 15 ndi 50 zimamveka mofanana tikamazitchula m'Chingerezi monga timachitira. Mukatha, mupempheni akubwerezereni yekha zinthu zitatu: atumiza chiyani, kuti, ndipo pofika liti. Pomwe wasokoneza ndi pomwe mufotokozenso. Ngati pepala likunena kuti ntchitoyo imafuna wodziwa Chitumbuka kapena Chitonga, onani ngati aika m'gulu la zofunika kapena la zowonjezera mwayi, ndipo mukumbutseni kuti achilembe pa CV, chifukwa ambiri amaiwala kutchula chiyankhulo chimene anabadwa nacho.